Mawu a pamphasa ndi nyumba ya ku Mufakose

Ife a ku Malawi amene tinakulira m'malokesheni a Harare, ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku ndi ku Mufakose, tinaleredwa poopa mawu amene munthu wanena ali pamphasa ya imfa. Kwathu mawu otere satsutsidwa. Koma nyumba ya m'tauni ili pansi pa lamulo la mawilo la Zimbabwe la 1987, ndipo lamuloli silifunsa kuti malemu ananena chiyani. Limafunsa chimene chinalembedwa, ndi amene anaona chikusayinidwa.

Zofunika zake n'zochepa. Aliyense amene wakwanitsa zaka 16 ndipo mutu wake ukuyenda bwino angathe kulemba wilo. Iyenera kukhala yolembedwa, mwini wake asayine tsamba lililonse pamaso pa mboni ziwiri zimene zili pamalopo nthawi imodzi, nazonso zisayine iye akuona. Mboni siziyenera kudziwa za m'katimo. Ntchito yawo n'kuchitira umboni kuti dzanja linali lake, ndi kuti sanakakamizidwe.

Malume anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma. Atamwalira mkazi wawo woyamba anakwatiranso, koma amene anawasamalira pa matenda anali mwana wa mlongo wawo. Monga Mchewa, anaona kuti nyumba yawo ya zipinda zinayi ku Mufakose imuyenera mtsikanayo. Ananena zimenezi tonse tikumva. Wachibale wina anazilemba m'kope, malume nadinda chala chifukwa dzanja linkanjenjemera. Mtsikanayo anasayina ngati mboni, ndipo mkulu wa mpingo anadzasayina m'mawa mwake.

Pepala limenelo linapunduka patatu. Chidindo cha chala chimaloledwa, koma chimafuna wina wovomerezeka, monga majisitireti kapena wolumbiritsa anthu, atsimikize molemba kuti wodindayo ndi mwini wilo. Mboni nazo zinasayina masiku osiyana, kotero mkulu wa mpingo uja sanaone chala chikudindidwa. Anangoona inki youma. Chopweteka koposa n'chakuti mboni siloledwa kulandira kanthu m'wilo imene yaichitira umboni. Posayina, mtsikanayo anadzitsekera yekha khomo.

Ena amati amenewa ndi machenjera a maloya. Ine ndimaona mosiyana. Tsiku limene wilo iwerengedwa, munthu yekhayo amene akanati "sindinatero" amakhala ali kumanda. Mboni ziwiri zopanda phindu m'nkhaniyo ndizo zimamuyimira. Zikakhala pamodzi, iliyonse imaona zimene inzake yaona, ndipo bodza limafuna anthu awiri kuti ligwirizane. Mboni imene ikulandira nyumba, ngakhale ikhale yoona mtima chotani, ikuweruza mlandu wake womwe.

Nanga mawu apakamwa? Lamulo silinawataye konse. Limawalandira ngati mwambo wa munthuyo umawatenga kukhala wilo, koma pa chuma chochepa chokha, ndipo nyumba ya ku Harare imapyola malirewo kutalitali. Vuto lake tinaliona pa maliro. Tinamva mawuwo tili anthu asanu, koma wina anamva "nyumba ndi yake", wina anamva "akhalemo mpaka akwatiwe". Palibe amene ananama. Mawu amasintha m'makutu, ndipo chisoni chimawasinthanso.

Masitala wa Bwalo Lalikulu, amene ofesi yake imayang'anira chuma cha masiye, ali ndi mphamvu yolandira pepala loperewera akakhutira kuti malemu analifuna kuti likhale wilo yawo. Imeneyo ndi mphamvu ya iye, si ufulu wa abale. Kwa ife, mayi wamasiye anatsutsa, ndipo panalibe munthu wapadera amene anaona chala chikudindidwa. Abale analeka kulimbana nazo. Chumacho chinagawidwa ngati cha munthu wosasiya wilo, ndipo pamenepo lamulo limapereka kwa mkazi wotsala nyumba imene ankakhalamo ndi mwamuna wake. Mayiyo sanabe kanthu.

Chondiwawa n'chakuti chofuna cha malume chinali chotheka. M'chaka cha 2020, pa mlandu wa Chigwada, Bwalo la Suprimu linagamula kuti munthu amene ukwati wake suphatikiza chuma angathe kusiyira gawo lake aliyense amene wamufuna, ngakhale mkazi wake asakhalemo m'wiloyo. Pa mlanduwo bambo anasiyira mwana wake theka la nyumba, ndipo wilo inaima. Nyumba ya malume inali m'dzina lawo, osati ya lendi ya khonsolo, kotero inali yawo kuipereka. Anansi awiri a mpanda umodzi, oitanidwa madzulo amodzi pamodzi ndi wolumbiritsa, akanakwanira. Mtsikanayo tsopano akuchita lendi chipinda chimodzi ku Dzivarasekwa.