Tsiku Limene Galafu Inanditsutsa

Mphunzitsi aliyense ali ndi phunziro limene amalikumbukira ndi manyazi. Langa ndi limene ndinaphunzitsa m'chaka changa chachiŵiri pa ntchito, m'kalasi la Kemisitiri la Fomu 6. Ndalilemba pano kuti inu amene mukukonzekera kugwira choko musadzapunthwe pa chitsa chomwecho.

Mutu wa tsikulo unali kupeza mphamvu yoyambitsira, imene timailemba Ea. Mankhwala akamasandulika kukhala ena, mamolekyulu amayenera kuyamba akwera kaphiri ka mphamvu; amene alibe mphamvu yokwanira amangogundana ndi kubwerera osasintha. Msinkhu wa kaphiri kameneka ndiwo Ea. Sitingauyeze ndi chipangizo chilichonse, koma timaudziŵa poona mmene liŵiro la kusandulikako likukwerera pamene kutentha kukukwera. Mu 1889 Svante Arrhenius wa ku Sweden anafotokoza mgwirizano umenewu, ndipo lamulo lake tingalilembe motere:

ln k = ln A − (Ea/R)(1/T)

Pano k ndi nambala ya liŵiro, T ndi kutentha m'makelevini, R ndi 8.314 J/(mol K), ndipo A ndi nambala imene timaitenga ngati yosasintha. Tikalemba lamuloli kaŵiri, pa T1 ndi pa T2, n'kuchotsera limodzi ku linzake, ln A amachoka ndipo timatsala ndi ichi:

ln(k2/k1) = (Ea/R)(1/T1 − 1/T2)

Ndinasankha chitsanzo chopezeka m'mabuku ambiri, cha mpweya wa N₂O₅ umene umaphwanyika kukhala NO₂ ndi O₂. Manambala ake olondola a k, pa sekondi, ndi aŵa:

298 K (25 °C): 3.46 × 10⁻⁵
308 K (35 °C): 1.35 × 10⁻⁴
318 K (45 °C): 4.98 × 10⁻⁴
328 K (55 °C): 1.50 × 10⁻³
338 K (65 °C): 4.87 × 10⁻³

Poyamba tinaŵerengera limodzi pa bolodi, titatenga nambala yoyamba ndi yotsiriza. Tinagaŵa 4.87 × 10⁻³ ndi 3.46 × 10⁻⁵ ndipo tinapeza 141. Ndiye kuti powonjezera madigiri 40 okha liŵiro linakula ka 141. Tinapeza kuti ln ya 141 ndi 4.95. Kenaka tinatembenuza makelevini: 1/298 ndi 0.0033557, 1/338 ndi 0.0029586, ndipo kusiyana kwake ndi 0.0003971. Titagaŵa 4.95 ndi 0.0003971 tinapeza pafupifupi 12 460, ndipo titachulukitsa ndi 8.314 tinafika pa 104 000 J/mol, ndiye kuti 104 kJ/mol. Zonse zinayenda bwino, ndipo mumtima ndinadziyamikira.

Pamenepo ndinagaŵa ophunzira m'magulu anayi, gulu lililonse ndi manambala aŵiri oyandikana: loyamba 298 ndi 308, lachiŵiri 308 ndi 318, lachitatu 318 ndi 328, lachinayi 328 ndi 338. Ndinawauza kuti onse ayenera kupeza yankho loyandikira 104. Gulu loyamba linapezadi 104, lachiŵiri 106. Koma lachitatu linabwera ndi 65, ndipo lachinayi 141.

Sindinaganize kaŵiri. Ndinadzudzula magulu aŵiriwo pamaso pa anzawo kuti sasamala poŵerengera, ndipo ndinawalembera malikisi ochepa m'kaundula. Mtsikana wina wa m'gulu lachitatu, amene sankalankhula kaŵirikaŵiri, anaimika mkono.

"Aphunzitsi, taŵerengera katatu ndipo tikupeza 65 yemweyo. Koma onani, ife ndi anzathuŵa tonse tagwiritsa ntchito nambala ya 328. Kodi vuto silingakhale pamenepo?"

Ndinamuyankha mwachidule kuti manambala ndi a m'buku, ndipo buku silinama. Belu linalira, ndipo mwanayo anatuluka ataŵeramitsa mutu.

Usiku mawu ake sanandipatse mtendere. Mmalo moŵerengeranso ndi lamulo lomwelo, ndinatenga pepala la galafu kuti ndikonzekere phunziro la maŵa, lokhudza njira yachiŵiri. Njira imeneyi yagona pa lamulo loyamba lija, limene lili ndi maonekedwe a mzere woongoka: tikaika ln k kumbali yoimirira ndi 1/T kumbali yogona, madontho ayenera kundandalika pa mzere wotsetsereka, ndipo kutsetsereka kwake ndi −Ea/R. Ndinagwiritsa ntchito manambala a m'kope langa, omwe aja ndinawalemba pa bolodi. Ma ln k anatuluka −10.27, −8.91, −7.60, −6.86 ndi −5.32. Nditaika rula, madontho anayi anagona bwinobwino pa mzere umodzi, koma lachinayi, la 328 K, linalendeŵera pansi palokha, motalikira ndi 0.4.

Ndinatsekula buku. Nambala yoona inali 1.50 × 10⁻³, koma ine pokopera ndinalemba 1.05 × 10⁻³. Anawo anaŵerengera molondola. Wolakwa anali ine. Nditakonza, ln k anakhala −6.50 ndipo dontho lija linabwerera pafupi ndi anzake. Ndinayeza kutsetsereka potenga malo aŵiri otalikirana pa mzere weniweniwo, osati pa madontho, ndipo ndinapeza pafupifupi −12 400 K. Kuchulukitsa ndi 8.314 ndi kuchotsa chizindikiro chochotseracho kunandipatsa 103 kJ/mol.

Usiku umenewo ndinamvetsa chinthu chimene ndinali nditachiphunzitsa osachidziŵa. Njira ya manambala aŵiri si njira ina yosiyana ndi galafu ayi. Ndi galafu ya madontho aŵiri okha. Tsono madontho aŵiri aliwonse, ngakhale olakwika, amalumikizika ndi mzere woongoka. N'chifukwa chake njirayi imapereka yankho nthaŵi zonse, ndipo siingakuuzeni kuti yankholo ndi labodza. Pabwalo la milandu, mboni ziŵiri zikatsutsana simudziŵa wonama. Koma zikakhala zisanu, zinayi n'kunena chimodzi, wosokonezayo amaonekera poyera. Mtsikana uja anachita zomwezo ndi maso ake okha: anaona kuti mayankho aŵiri oipawo, limodzi lotsika kwambiri ndi linalo lokwera kwambiri, anali ndi nambala imodzi yofanana. Chimenechi ndicho chizindikiro cha dontho limodzi losokera.

Ndinazindikiranso kuti kagaŵidwe kanga ka ntchito kanakulitsa cholakwacho. Pamene T1 ndi T2 ali pafupi, kusiyana kwa 1/T kumakhala kochepa kwambiri. Pakati pa 318 ndi 328 ndi 0.0000959 basi. Cholakwa chilichonse cha mu k chimagaŵidwa ndi kanambala kameneka, motero chimakula. Nambala yanga yolakwika ija inasokoneza yankho la gulu lachitatu ndi 31 kJ/mol, koma ikadaphatikizidwa ndi ya 298 K, yomwe ili kutali, ikadasokoneza ndi 10 kJ/mol yokha. Ngakhale ndi manambala oona a m'buku, magulu anayiwo akadapeza 104, 106, 96 ndi 109, pakuti muyeso uliwonse uli ndi kuphonya kwake pang'ono. Kotero kuwauza kuti onse apeze 104 kunali kulakwa kwina. Ngati mwapatsidwa mwaŵi wosankha manambala aŵiri, sankhani otalikirana, ndipo musadule msanga manambala a 1/T. Wophunzira amene alemba 1/298 ngati 0.0034 ndi 1/308 ngati 0.0032 amapeza kusiyana kwa 0.0002 mmalo mwa 0.000109, ndipo yankho lake limatsika pafupifupi ndi theka.

M'maŵa mwake ndinaima patsogolo pa kalasi ndi kunena kuti ndinalakwa. Ndinafafaniza malikisi aja iwo akuona, ndipo ndinapempha mtsikanayo kuti afotokozere anzake mmene anaganizira. Kenaka ndinawapatsa manambala olakwika omwewo kuti ajambule galafu ndi kupeza okha dontho losokeralo. Palibe phunziro la galafu limene linamveka ngati limenelo.

Kuyambira pamenepo ndimaphunzitsa ana kuyerekeza yankho asanagwire makina oŵerengera. Pa kutentha kwa m'chipinda, ngati madigiri 10 achulukitsa liŵiro kaŵiri, Ea amakhala pafupi ndi 50 kJ/mol. Ngati alichulukitsa kanayi, amakhala pafupi ndi 100. M'chitsanzo chathu, kuchoka pa 25 kufika pa 35 °C liŵiro linakula pafupifupi kanayi, choncho tiyembekezere nambala yoyandikira 100. Kuyerekeza kumeneku kumagwira zolakwa ziŵiri zimene mudzakumane nazo chaka chilichonse. Choyamba ndi kuiŵala kuwonjezera 273: mwana akaika 25 ndi 65 mmalo mwa 298 ndi 338 amapeza 1.7 kJ/mol, kaphiri kakang'ono kotero kuti kutentha sikukadasintha liŵiro kwenikweni. Chachiŵiri ndi kudina log mmalo mwa ln, kumene kumapereka 45 kJ/mol. Ichi n'choopsa koposa chifukwa 45 amaoneka ngati yankho labwino. Ndi kuyerekeza kokha kumene kumamuulula. Mukaona yankho lochepa ka 2.3 poyerekeza ndi loyembekezeka, funsani batani limene mwanayo anadina musanafunse china chilichonse.

Galafu nayo ili ndi misampha yake. Ana amafuna kuyamba mbali yogona pa ziro, ndipo madontho onse amaunjikana pakona imodzi; auzeni ayambe pa 0.0029 ndi kulekeza pa 0.0034. Akumbutseninso kuti kumanja kwa pepala ndiko kozizira, popeza T akamakula 1/T amachepa. Ndipo ngati madontho sasokera limodzi lokha koma onse pamodzi akupindika ngati uta, musawakakamize ndi rula. Pamenepo vuto si kukopera. Kaŵirikaŵiri ndiye kuti njira ya kusandulikako yasintha pamene kutentha kwakwera, monga zimachitikira ndi maenzaimu amene amaonongeka akatenthedwa kwambiri, ndipo Ea mmodzi sangafotokoze zonse.

Pepala la galafu lija ndimalisungabe m'buku langa lokonzera maphunziro, dontho lachinayi lili lendee pansi pa mzere. Wophunzira akandibweretsera yankho losiyana ndi langa, ndisanatenge cholembera chofiira ndimayamba ndamufunsa manambala amene anagwiritsa ntchito, ndi kuwayerekeza ndi a m'buku.