Chikwangwani cha ku Lirangwe

Ndili mwana ku Chileka, mawu achingerezi ankatifika kudzera m'khutu. Agogo sanawaonepo atalembedwa, choncho ankawaumba ndi lilime lawo: buledi, sitolo, supuni, eyapoti. Kusukulu aphunzitsi ankatilembetsa momwemo, potsata malamulo a kalembedwe amene bungwe loona za Chichewa lidatulutsa mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Lero mawu amafika kudzera m'maso. Mwana amaliona liwu pafoni asanalimve, ndipo dzanja lake limangokopera zilembo za eniake.

Kusinthaku ndidakuona bwino mphwanga atatsegula kaokala kotchajira mafoni pa Lirangwe. Adandipempha kuti ndimulembere mawu a pachikwangwani, koma ankafuna achingerezi chenicheni. "Achimwene, anthu angandiyese wosaphunzira," adatero.

Tidayamba ndi foni. Pachingerezi liwuli limayamba ndi p ndi h, zilembo zimene kwathu zimamveka monga mu phala kapena phiri. Mayi wochokera kumudzi akaziwerenga mwa Chichewa angatchule chinthu china. Tidalemba f, ndipo kumapeto tidaika i, chifukwa liwu la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Kenaka batire. Mphwanga adafunsa chifukwa chake pali r pamene mu buledi muli l. Ndidamukumbutsa kuti r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga m'dzina la Lirangwe lomwelo, pamene l wa mu buledi watsatana ndi u. U ameneyu tidachita kumulowetsa, poti b ndi l sagundana m'Chichewa.

Liwu limene lidathetsa mkangano ndi kutchaja. Anthu pamsika amati ndatchajitsa, yatchajidwa, munditchajireko. Liwu lofika polandira zonsezi lakhazikika pamudzi, ndipo kulisiya m'zilembo zachingerezi n'kulilemba theka kuno theka uko. Chikwangwani chidatuluka chotere: Timatchaja mafoni ndi mabatire.

Panali liwu limodzi limene ndidakana kulisintha. Mphwanga amathandizanso anthu kuika WhatsApp m'mafoni. Pakamwa tonse timati watsapu, koma munthu akafuna kuipeza pafoni ayenera kutayipa zilembo zimene eniake adaika. Chimodzimodzi dzina la mankhwala pabotolo: ndikamalembera mayi anga kapepala kopita nako kogula, ndimakopera lembo ndi lembo, chifukwa wogulitsa adzafananiza ndi zimene zili pabotolopo, ndipo kusiyana pang'ono kungawapatsitse mankhwala ena.

Kuyambira tsiku limenelo ndimadzifunsa kuti liwu likupita kuti. Ngati likupita pakamwa pa munthu, ndimalilemba monga amalitchulira anthu a pa Lirangwe. Ngati wowerenga akalifananiza ndi zolembedwa pafoni kapena pabotolo, ndimalisiya momwe lidabwerera. Chimandiwawa n'choti ana ambiri lero amaona ngati njira yoyambayo ndi umbuli, chonsecho agogo awo ndiwo adatipatsa sukulu, tebulo ndi galimoto, mawu omwe palibe amene amawayesanso achilendo.