Nkhope ikada pa chithunzi, funsani kuwala

Anyamata ojambula motchipa amene adzaza pa Mponela ndi pa Ntchisi Boma ali ndi mankhwala amodzi pa nkhope iliyonse: kuyeretsa. Mitengo atigwetsera, inde, koma chondiwawa ine n'china. Mayi wakuda bwino wa ku Malomo amalandira chithunzi cha munthu wotuwa mbuu, n'kukachipachika pakhoma, ndipo ana ake aakazi amakula akuona kuti khungu la kwawo n'lofunika kulikonza. Maganizo omwewa ndiwo amagulitsa mafuta oyeretsa khungu m'misika, ena mwa iwo okhala ndi mekyule amene amawononga impso.

Anzangawo amati kasitomala ndiye wapempha. Zoona, anthu amati "mwandidetsa", koma mukafunsitsa mupeza kuti ambiri akudandaula kuti maso ndi mano sizikuoneka. Limenelo ndi vuto la kuwala. Kamera imayeza zonse zili patsogolo pake n'kuzikokera ku mtundu wa phulusa. Taganizani za mkwatibwi wovala zoyera ataima pakhomo la tchalitchi masana a mu Okutobala, kumbuyo kuli thambo long'anima pamwamba pa mapiri a Dowa. Kamera imaona zoyera zachuluka, imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Ine ndimamusunthira pansi pa khonde kapena mtengo wamango, ayang'ane kumene kukuchokera kuwala, ndiyeze kuwalako pa tsaya lake, ndipo mwana wina agwire pepala lalikulu loyera chapachifuwa kuti libwezere kuwala m'maso. Pakavuta ndimawonjezera +1 pa kamera, ndikuyang'anira kuti diresi lisapse mpaka zoluka zake kusowa.

Chithunzi chikakhala kuti chada kale, ndimatsegula RAW mu Lightroom, ndisankhe munthu yense, nkhope, khosi ndi manja pamodzi, n'kukweza Exposure pang'onopang'ono, kawirikawiri pakati pa +0.5 ndi +1, kenako Shadows pang'ono. Chimene sindichita ndi kukweza Luminance ya Orange n'kutsitsa Saturation yake, pakuti apo ndi pamene oyeretsa aja amachotsera munthu khungu lake. Wina anganene kuti zonsezi n'kuwalitsa basi. Kusiyana kulipo ndithu: kubweza kuwala kumafikitsa khungu pamene diso linaliona tsikulo, pomwe kuyeretsa kumalipitiriza pamenepo. Mudzadziwa kuti mwapyola malire nkhope ikasiyana ndi manja, kunyezimira kwa pamphumi kukafwifwa, kapena masaya akayamba timadontho tonga mchenga. Timadonthoto timafulumira kwambiri pa JPEG yodutsa pa WhatsApp, imene makasitomala amabweretsa akufuna zozizwitsa pa mtengo wa chithunzi chimodzi. Yoteroyo ikada mopitirira, ndimawauza kuti tijambulenso, abwere m'mawa dzuwa lisanakwere.