Mtsempha ukada pa sikani, musafulumire kulemba kuti wang'ambika

Anzanga a sikani ku Chipata ndi madera ozungulira, ndikulemba kuchokera kuno ku Mangalande. Ine ndine mwana wa ku Kapata, ntchito ndinaphunzirira ku Evelyn Hone ku Lusaka, ndipo masiku ano ndimakhalira kuunika mapewa, mawondo ndi zidendene.

Kwathu makina amadziwa mimba za amayi, chiwindi ndi impso. Munthu akabwera ndi chidendene chowawa timamutumiza ku ekisireyi, fupa lioneka bwino, apatsidwa mankhwala a ululu, basi. Kuno wotereyu amagonekedwa pa sikani, ndipo nthawi zina womuunika amakhala wa fizo. Koma makina awo alibe matsenga ayi. Ngati muli ndi pulobu yafulati ija mumaunikira mabere ndi chithokomiro, ya 7 mpaka 12 MHz, mwakwana. Yokhota ya pamimba, ya 3.5 MHz, isiyeni: imaona patali, koma zapafupi ndi khungu imazisokoneza.

Yambani ndi mtsempha waukulu wa kuchidendene, poti ndi wowongoka komanso uli pansi pa khungu pomwepo. Wodwala agone chafufumimba, mapazi alendewere kumapeto kwa bedi. Sankhani MSK kapena Small Parts, Depth ikhale masentimita 2 kapena 3, Focus ifike pa mtsempha penipeni. Pulobu igwireni m'munsi ndi zala zitatu, kachala kakang'ono katsamire pa khungu la wodwala kuti dzanja lisayendeyende. Jelo musaumire. Ndikudziwa kuti kwathu botolo timalisunga ngati mankhwala, koma pamalo owonda chonchi mbali za pulobu zimatsala m'malere, mpweya ulowa, chithunzi chida. Ndipo musakanikize: timadzi tochepa ta kathumba ka pakati pa mtsempha ndi fupa timathawa mukapanikiza, inu nkulemba kuti zonse zili bwino.

Mtsempha wabwino, pulobu ikagona m'litali mwake, umaoneka wowala, wa timizere tambiri toyenda limodzi osadukiza. Mukaipingasa mumaona timadontho towala tothithikana, ngati mukuyang'ana tsache kumene analidula. Kuchindikala kwake kumakhala pafupifupi mamilimita 4 mpaka 6.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Timizereti timabweza mafunde ku pulobu pokhapokha akatigwera molunjika. Mukapendeka pang'ono chabe, ngakhale madigiri 5, mafunde amathawira kumbali ndipo mtsempha wabwinobwino umada. Dzina lake ndi anizotiropi, ndipo yanamiza anthu ambiri.

Mnzanga wina wa kwathu ananditumizira chithunzi cha bambo wopalasa njinga yonyamula anthu, yemwe ankamva kuwawa kumbuyo kwa chidendene. Pomwe mtsempha umamatira ku fupa panali chigamba chakuda, ndipo mnzangayo anali atalemba kale kuti wang'ambika pang'ono. Koma pamenepo mtsempha umakhota polowa m'fupa, choncho umadzipendekera wokha ngakhale dzanja lanu lili bwino. Ndinamupempha amuitanenso bamboyo, kenako achite zitatu: akankhire phazi m'mwamba kuti mtsempha ukungike, atsitse mbali imodzi ya pulobu nkukweza inayo mpaka timizere tigone chopingasa pa sikirini, kenako aonenso malowo pulobu itapingasa. Chigamba chinayera, timizere tinabwerera. Vuto lenileni analipeza cham'mwamba, masentimita 4 kuchokera pa fupa: mtsempha unali utatupa kufika mamilimita 9, wotuwa, ndipo kutuwako sikunachoke ngakhale anapendeketsa mbali zonse. Uku ndi kutopa kwa mtsempha, kofuna masewera a fizo olimbitsa pang'onopang'ono. Lipoti loyamba lija likanamuika mu pulasitala, njinga ili khale pakhomo, ana akudya chiyani?

Woduka zenizeni sasowa. Kawirikawiri umadukira masentimita 2 mpaka 6 pamwamba pa fupa, mwini wake amanena kuti anamva ngati wina wamumenya kumbuyo, ndipo mukayendetsa phazi uku mukuyang'ana, mbali ziwirizo zimatalikirana. Pansi pa nsonga zodukazo pamagwa mthunzi woonda. Chenjerani ndi kamtsempha kowonda kotchedwa pulantarisi, kamene kamadutsa chamkati mwa mwendo: kamatsala kosaduka, ndipo wosazolowera amati waukulu uja udakagwirana. Kuno amayeza mpata wa pakati phazi litaloza pansi, ndipo muyeso umenewo umathandiza madokotala a mafupa kusankha pakati pa opaleshoni ndi jombo yokweza chidendene. Kwathu jombo zotere nzosowa, koma pulasitala womangidwa phazi litaloza pansi cholinga chake nchomwecho, choncho muyesowo ulembeni mu lipoti.

Mithunzi inayo mukuidziwa kale kuchokera ku miyala ya mu ndulu: pansi pa fupa kapena kashiamu pamada, pansi pa madzi pamawala mopitirira. Mukakayika, unikani mwendo winawo osasintha Gain ndi Depth, muike zithunzi ziwirizo pamodzi.