Uthenga wa mmawa uja

…koma akulu a gulu lathu la chinkhoswe amadziwa kulemba ndithu. Uthenga wawo wa 6 koloko mmawa uno ulibe zoti "musachedwe", ayi. Angoti: "Mwadzuka bwanji abale? Minibasi inyamuka pa msika wa Ndirande 9 koloko. Mwambo uyamba 10 koloko, ndipo thobwa lozizira lilipo la ofika msanga. Pamseu wa ku Limbe Loweruka pamathina, onjezani mphindi 30."

Basi. Nthawi yonyamukira ndi imene imadzutsa munthu, chifukwa ya mwambo aliyense amaikankhira kutsogolo mumtima mwake. Ndipo za thobwazo zandisambitsa msanga kuposa "chonde chonde" katatu.

Inu amene mumakonza zochitika, mumalemba chiyani kuti anthu asunge nthawi osakwiya?