Kulemba za kwathu ndi mphuno, makutu ndi manja

Tsiku lina mphunzitsi anatiuza kuti tilembe za mudzi umene tinakuliramo. Ife tinakulira m'mbali mwa nyanja ya Niassa, pafupi ndi Metangula. Tinagwira pensulo nthawi yaitali, ndipo pomaliza tinalemba mizere iwiri: "Kwathu kunali kwabwino. Kunali nyanja ndi nsomba zambiri."

Mphunzitsi anawerenga mokweza, kenaka anafunsa mayi wina wocokera kumapiri a ku Angoniya: "Amayi, mwauona mudziwu?" Mayiyo anaseka nati: "Iyayi. Ndangomva kuti anthu ankadya nsomba."

Zinatiwawa, cifukwa mudziwo kulibenso. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja anathawa, ena ku Likoma, ena ku Tanzania. Nafe tinathawa. Nyumba zinagwa, njira zinamera udzu. Adzukulu athu sadzaupondanso mudzi uja. Ngati tiulemba ndi mizere iwiri yokha, ndiye kuti tausiya kaciwiri.

Tinayambanso. Ulendo uno tinatseka maso, tinadzifunsa kuti: m'mawa, tisanatuluke m'nyumba, cinkayamba kutifika n'ciyani? Linali fungo la cinangwa. Amayi ankaciviika m'madzi masiku atatu kapena anayi kuti cifewe, kenaka ankaciyanika pamwala. Fungo lake linali lowawasa, ndipo linkakakamira m'manja mwao ngakhale atasamba. Poyamba tinalemba kuti "kunkamveka fungo labwino". Tinafufuta. Kunena zoona silinali labwino konse, alendo ankatseka mphuno. Ndiponso mau oti "labwino" ndi "loipa" sauza munthu kanthu. Mau a fungo ndi ocepa m'cilankhulo, conco njira yake ndiyo kuchula cinthu cimene cikununkhaco, malo ake ndi nthawi yake. Tinalemba tero: "M'mawa pabwalo pankanunkha cinangwa covuulidwa dzulo, ndipo dzuwa likakwera, fungo la usipa woyanika linkabwera kucokera kudooko."

Pa zomveka m'makutu tinalakwitsa cinthu cina. Tinalemba kuti usiku tinkamva injini za maboti. Mkulu wina wa kwathu, amene amakhala nafe pa benci limodzi, anatiimitsa: "Acimwene, injini yanji? Nthawi ija pamudzi pathu panali mabwato okhaokha." Ananena zoona. Tinatenga phokoso la masiku ano n'kuliika m'masiku a ubwana. Maganizo amacita zimenezi mwakacetecete, ndipo wolemba yekha sazindikira. Amazindikira ndi munthu amene analipo. Cimene tinkamvadi cinali nkhafi kugunda m'mbali mwa bwato, gu! gu!, asodzi akubwerera kusanace. Mwezi wa Juni ndi Julayi mwera ukaomba, mafunde ankamenya miyala usiku wonse, phwaa! phwaa!, mabwato osalowa m'madzi, ife n'kudyera masamba a cinangwa. Mau otsanzira phokosowa tinkaopa kuwalemba, poganiza kuti ndi a pakamwa pokha. Koma pepala limawalandira bwino, bola asaculuke. Tikawaika pa mzere uliwonse, nkhani imasanduka nthano ya ana.

Za manja ndi mapazi zinabwera zokha. Mcenga wa masana unkaocha kotero kuti tinkathamanga kucoka pa mthunzi wa mtengo wa mango mpaka m'madzi osaima. Nsima ya kondowole inkanyumbuka, inkamata zala, sinkabenthuka msanga ngati ya cimanga. Usipa woyanika pansi unkatenga mcenga, ndipo podya unkalira m'mano. Mzere umenewu tinafuna kuucotsa, cifukwa unkaoneka ngati tikunyoza kwathu. Mphunzitsi anati tiusiye.

Zimene tinakumbukira zinadzaza masamba awiri. Sitinaike zonse. Tinasankha fungo limodzi, phokoso limodzi ndi cogwira cimodzi, n'kuzimanga pa m'mawa umodzi wokha:

"Kusanace tinkamva nkhafi, gu! gu!, n'kudziwa kuti atate afika. Amayi ankatidzutsa ndi manja onunkha cinangwa. Tinkathamangira kudooko, mcenga ukadali wozizira, kukatola usipa wogwa pansi. Masana, podya, mcenga uja unkalira m'mano."

Tinawerenga pamaso pa kalasi. Mkulu wa kwathu uja sananene kanthu, anangoyang'ana pansi. Mayi wa ku Angoniya, amene sanaionepo nyanja, anafunsa kuti: "Nanga mcengawo, simunkautsuka?" Tinamuyankha kuti tinkautsuka, koma sunkatha. Kenaka iye anatenga pensulo, nayamba kulemba za utsi wa zitsononkho m'khichini ya agogo ake.