Shopu ya azakhali pa mapu

Kwathu ku Dowa njira zambiri zilibe mayina. Mlendo timamulondolera ndi mjigo kapena mtengo wa mango. Google Maps siimva zimenezo. Polembetsa shopu ya utelala ya azakhali ku Mponela pa Google Business Profile, ndinaima pakhomo penipeni ndi foni, n'kukokera kachizindikiro padenga lawo. Kakangophonya pang'ono, kasitomala wochokera ku Ntchisi akathera kwa telala wina.

Zithunzi ndinajambula m'mawa kukuwala: chikwangwani, makina, zitenje. Nambala ndinaika ya foni imene sazimitsa.

Pa maola mpamene tinakangana. "Ungolemba kuti tsiku lililonse, mwanawe," anatero. Ndinakana. Lamlungu amakhala kutchalitchi, ndipo munthu amene walipira kabaza n'kupeza loko pachitseko sabweranso.